Maola Amene Sanalipidwe: Kalata ya Wogulitsa m'Sitolo Yofunsa Ndalama za Ovataimu

Mwezi wa Disembala ukafika, masitolo ambiri a ku Limbe, a mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe ndi a m'tauni ya Mzuzu satsekanso pa nthawi yake. Makasitomala amadzazana mpaka mdima, galimoto ya katundu imafika nthawi yoweruka itakwana kale, ndipo chitseko chikatsekedwa pamakhalanso ntchito yowerenga ndalama, kusesa ndi kubwezera katundu m'mashelefu. Wogulitsa amene anagwirizana ndi abwana ake kuti aziweruka 5 koloko madzulo amapezeka akuthamangira minibasi cha m'ma 7 kapena 8 koloko usiku. Mwezi ukatha, malipiro amabwera omwe aja a miyezi yonse, mwina ndi kangachepe pamwamba kamene palibe akudziwa kuti kawerengedwa bwanji.

Ogulitsa ambiri amangodandaula chamumtima. Olimba mtima amafunsa pakamwa, ndipo mayankho ake ndi odziwika: "Tiona kumapeto kwa mwezi," kapena "Bizinesi siikuyenda bwino." Nkhaniyo imathera pomwepo, chifukwa dandaulo la pakamwa silinena kuti ngongoleyo ndi ndalama zingati, inayamba liti, ndipo iperekedwe liti. Kalata yokhala ndi tebulo la maola imanena zonsezi. Bwana amene wailandira akhoza kuvomera, kapena kuloza mzere umene akuutsutsa, koma sangathenso kunena kuti sakudziwa zimene wantchito wake akufuna.

Zimene lamulo likunena

Gawo 31 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro oyenera. Tsatanetsatane wake ali mu Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000. Gawo 36 la lamuloli limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, osawerengera ovataimu, ndiponso kuti munthu asagwire masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma tsiku lathunthu la maola 24. Kwa munthu amene amagwira masiku 6 pa sabata, monga amachitira ogulitsa ambiri m'masitolo, tsiku la ntchito ndi maola 8.

Gawo 39 ndi limene lili pamtima pa kalatayi. Limagawa ovataimu m'mitundu itatu. Woyamba ndi wa tsiku wamba la ntchito, pamene munthu wapitiriza nthawi yake yoweruka itakwana: ola lililonse lotere lilipidwe mtengo wosachepera wa ola limodzi ndi theka. Wachiwiri ndi wogwira pa tsiku limene munthuyo amayenera kupuma, monga Lamulungu kwa ambiri: ola lililonse lilipidwe mtengo wosachepera wa maola awiri. Wachitatu ndi wogwira pa holide ya boma, monga Khirisimasi, tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale kapena tsiku la ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi: pamenepanso ola limodzi limalipidwa ngati awiri.

Mitengo imeneyi ndi yochepetsetsa. Ngati kontirakiti ya munthu, kapena mgwirizano wa bungwe la antchito ndi kampani, ukupereka zoposa pamenepa, wantchito awerengere mtengo wapamwambawo. Alonda ndi anthu ogwira ntchito ya mashifiti ali ndi ndime zawozawo m'lamulo lomweli, choncho masamu amene akutsatirawa ndi a wogulitsa wa masana amene amagwira Lolemba mpaka Loweruka.

Mtengo wa ola limodzi

Tiyerekeze kuti pali mayi amene amagulitsa m'sitolo ya nsalu ndi zovala ku Limbe. Amalandira K156,000 pa mwezi. Anagwirizana ndi abwana ake kuti azilowa 8 koloko m'mawa ndi kuweruka 5 koloko madzulo, ndi ola limodzi la nkhomaliro pakati, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Amenewa ndi maola 8 pa tsiku, 48 pa sabata.

Mayiyu asanalembe chilichonse ayenera kudziwa kuti ola lake limodzi ndi ndalama zingati. Mwezi wa munthu wogwira masiku 6 pa sabata umawerengedwa kuti uli ndi masiku 26 a ntchito. Ngakhale boma limawerengera chomwecho polengeza malipiro ochepetsetsa: mu Febuluwale 2024 linawaika pa K3,461.54 pa tsiku, zimene zimakwana K90,000 pa mwezi mukachulukitsa ndi 26. Choncho K156,000 kugawa ndi 26 ndi K6,000 pa tsiku, ndipo K6,000 kugawa ndi 8 ndi K750 pa ola.

Kuchokera pa K750 ameneyu, mitengo ina iwiri ija siivuta kupeza. Ola la ovataimu wamba ndi K750 kuphatikiza theka lake, K375, zimene zikukwana K1,125. Ola la Lamulungu kapena la holide ndi K750 kuchulukitsa ndi 2, ndiye kuti K1,500.

Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amadzibera okha. Ena amagawa malipiro a mwezi ndi masiku 30, poganiza kuti mwezi ndi mwezi basi. Mayi wathuyu atachita zimenezo, ola lake likhoza kutsika kuchoka pa K750 kufika pa K650, chifukwa wawerengera ndi masiku amene sagwira ntchito. Ena amayambira pa ndalama imene amalandira m'manja, ataichotsera kale penshoni, msonkho kapena ngongole ya pa ntchito. Poyambira pake ndi malipiro amene anagwirizana, asanachotsedwe kanthu.

Mphindi nazo zimasokoneza. Ola limodzi ndi mphindi 30 limalembedwa 1.5, osati 1.30, mphindi 15 ndi 0.25, ndipo mphindi 45 ndi 0.75. Munthu akalemba 1.30 pa kakyuleta ya pafoni, makinawo amamuwerengera ola limodzi ndi mphindi 18, ndipo tsiku lililonse amataya mphindi 12 asakudziwa.

Kope la maola

Tebulo labwino silichokera m'mutu. Munthu sangakumbukire mu Januwale kuti Lachitatu la sabata yachiwiri ya Disembala anatuluka nthawi yanji. Akangoyerekeza, bwana adzapeza tsiku limodzi limene sitolo inatseka msanga, ndipo tsiku limodzilo lidzachititsa kuti tebulo lonse likayikitse.

Mayi wa m'chitsanzo chathu ali ndi kope laling'ono, longa la ana asukulu, m'chikwama chake. Tsiku lililonse akafika kunyumba amalemba zinthu zinayi: deti, nthawi imene analowa, nthawi imene anatuluka, ndi chifukwa chimene anachedwera. Chifukwacho n'chofunika kwambiri. "Kulandira katundu", "kuwerenga sitoko", "abwana anati titseke 7 koloko": mawu ochepawa ndi amene amasonyeza kuti sanangotsalira kudikira mvula kapena kucheza, koma kuti ntchito ndi imene inamutsaliritsa, abwana akudziwa.

Kope la wantchito limakhala ndi mphamvu likamagwirizana ndi umboni wina umene iye sanalembe. M'masitolo ambiri muli buku losainira polowa ndi potuluka. Malisiti otuluka m'makina a pakauntala amasonyeza deti ndi nthawi, kotero lisiti lomaliza la tsikulo limanena lokha kuti sitolo inali yotsegula mpaka liti. Uthenga wa pa WhatsApp umene abwana analemba kuti "mawa Lamulungu mubwere" usafufutidwe. Mlonda amene amatseka geti, ndi anzake a pa ntchito, anaona nthawi imene anthu ankatuluka. Koma wantchito asatenge mabuku a sitolo kupita nawo kunyumba, kapena kung'amba tsamba m'buku losainira. Zimenezo zikhoza kumupezetsa mlandu wina. Ndi bwino kungotchula m'kalata kuti mabukuwo alipo ndipo akhoza kuonedwa.

Lamulo limafunanso kuti bwana apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake, kuphatikizapo malipiro ndi maola, komanso kapepala ka malipiro nthawi iliyonse imene akumulipira, malinga ndi Gawo 51. M'masitolo ang'onoang'ono ambiri zimenezi sizichitika. Ndalama imangoperekedwa m'manja kapena pafoni. Ngakhale zili choncho, kusowa kwa kontirakiti yolembedwa sikuchotsa ufulu wa ovataimu. Mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba osonyeza ndalama zimene zinalowa mwezi ndi mwezi amathandiza kutsimikiza kuti malipiro anali angati.

Kalata yake

Mu Disembala 2025, kope la mayi uja likusonyeza izi. Sabata yoyamba sitolo inkatseka 6 koloko, sabata yachiwiri hafu pasiti sikisi, sabata yachitatu 7 koloko. Lamulungu pa 21 anaitanidwa kuti agwire kuyambira 8 koloko mpaka 2 koloko masana, osapuma. Masiku atatu otsogolera Khirisimasi ankatuluka 8 koloko usiku. Pa 25 anapuma, koma pa 26, lomwenso ndi holide ya boma, anagwira tsiku lonse. Pa 31 anatsalira mpaka 9 koloko usiku kuwerenga sitoko ya kumapeto kwa chaka. Polandira malipiro, abwana anamuwonjezera K20,000 n'kumuuza kuti ndi ya ovataimu.

Pamwamba pa pepala, kudzanja lamanja, mayiyu akulemba keyala yake ndi deti, 5 Januwale 2026. Kumanzere akulemba udindo wa amene akuwalembera ndi dzina la sitolo. Kalatayo ikupitirira motere:

> Bwana,
>
> PEMPHO LA NDALAMA ZOTSALA ZA OVATAIMU YA MWEZI WA DISEMBALA 2025
>
> Ndikulemba mwaulemu kukupemphani kuti mundilipire ndalama zotsala za maola owonjezera amene ndinagwira m'mwezi wa Disembala 2025.
>
> Monga mukudziwa, malipiro anga ndi K156,000 pa mwezi, ndipo tinagwirizana kuti ndizigwira kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Loweruka. Ndikagawa malipirowa ndi masiku 26 ndi maola 8, ola limodzi likukwana K750. Malinga ndi Gawo 39 la Lamulo la Ntchito la 2000, ola la ovataimu pa tsiku wamba ndi K1,125, ndipo ola la tsiku lopuma kapena la holide ndi K1,500. Maola amene ndinagwira ndi awa:

| Masiku | Nthawi yowonjezera | Mtundu wa ovataimu | Maola | Mtengo wa ola | Zonse |
|---|---|---|---|---|---|
| 1–6 Disembala | 5:00–6:00 madzulo, masiku 6 | Tsiku wamba | 6 | K1,125 | K6,750 |
| 8–13 Disembala | 5:00–6:30 madzulo, masiku 6 | Tsiku wamba | 9 | K1,125 | K10,125 |
| 15–20 Disembala | 5:00–7:00 madzulo, masiku 6 | Tsiku wamba | 12 | K1,125 | K13,500 |
| 21 Disembala, Lamulungu | 8:00 m'mawa–2:00 masana | Tsiku lopuma | 6 | K1,500 | K9,000 |
| 22–24 Disembala | 5:00–8:00 usiku, masiku 3 | Tsiku wamba | 9 | K1,125 | K10,125 |
| 26 Disembala | 8:00 m'mawa–5:00 madzulo, kuchotsa ola la nkhomaliro | Holide ya boma | 8 | K1,500 | K12,000 |
| 31 Disembala | 5:00–9:00 usiku, kuwerenga sitoko | Tsiku wamba | 4 | K1,125 | K4,500 |
| Zonse pamodzi | | | 54 | | K66,000 |
| Zimene ndinalandira pa 31 Disembala | | | | | K20,000 |
| Zotsala | | | | | K46,000 |

> Maolawa ndawatenga m'kope langa la tsiku ndi tsiku, ndipo mukhoza kuwayerekeza ndi buku losainira komanso malisiti a pakauntala. Ngati pali tsiku limene mabuku anu akusiyana ndi tebuloli, ndine wokonzeka kukhala nanu pansi kuti tione limodzi.
>
> Ndikuthokoza chifukwa cha K20,000 imene munandipatsa. Ndikupempha kuti K46,000 yotsalayi mundilipire pamodzi ndi malipiro a mwezi uno, pasanadutse pa 31 Januwale 2026, ndiponso kuti mundiyankhe polemba.
>
> Ine wantchito wanu,
>
> (saini, dzina lonse ndi udindo)

Chifukwa chake yalembedwa motere

Kalatayi ikukwana tsamba limodzi, ndipo ikunena nkhani imodzi yokha. Mayiyu mwina ali ndi madandaulo enanso: tchuthi chimene sanapatsidwe, mawu achipongwe a kapitawo, ndalama imene anadulidwa katundu atasowa. Zonsezo n'zofunika, koma zikalowa m'kalata imeneyi, bwana amasankha nkhani yosavuta kuyankha n'kusiya ya ndalama. Mulibenso za lendi, fizi ya ana kapena matenda a kumudzi. Kufotokoza mavuto kumachititsa kalata kuoneka ngati pempho la thandizo limene munthu angathe kukana, pomwe ndalama ya ovataimu ndi malipiro a ntchito imene inagwiridwa kale.

Tebuloli lasiyanitsa mitundu itatu ija, ndipo kusiyanitsako kuli ndi ndalama. Maola 54 onse atawerengedwa pa mtengo wamba wa K750, angakwane K40,500 yokha, ndiye kuti K25,500 yapita. Atagawidwa malipiro ndi masiku 30 monga tanena kale, zonse zingakwane K57,200, ndipo mayiyu angataye K8,800 ndi dzanja lake lomwe. Danga la nthawi yowonjezera nalo lili ndi ntchito yake: munthu wina aliyense, kaya ndi akawuntanti wa sitolo kaya mkulu wa ku ofesi ya zantchito, akhoza kuwerenga yekha kuti kuyambira 5:00 mpaka 6:30 kwa masiku 6 ndi maola 9, popanda kufunsa mwini wake.

Onaninso zimene mayiyu wachotsa. Pa 26 Disembala anakhala m'sitolo maola 9, koma walemba 8 chifukwa ola limodzi anapuma nkhomaliro. Masiku a 27, 29 ndi 30, amene anaweruka pa nthawi yake, sakupezeka m'tebulo. K20,000 imene analandira waitchula ndi kuichotsera. Wantchito amene amabisa ndalama imene analandira, kapena kuwonjezera theka la ola apa ndi apo, amapatsa bwana chida chomugonjetsera. Bodza limodzi likapezeka, ngakhale maola oona amayamba kukayikiridwa.

K20,000 ija imafuna kuimvetsetsa bwino. Apa abwana ananena okha kuti ndi ya ovataimu, n'chifukwa chake yachotsedwa. Ikanakhala mphatso ya Khirisimasi imene aliyense analandira, ngakhale amene sanatsalirepo, mayiyu akanailemba m'kalata ngati mphatso, n'kufunsa K66,000 yonse. Mpunga, shuga kapena chitenje chimene bwana wapereka pa chikondwerero sichilowa m'malo mwa ovataimu. Ndi bwino kufunsa nthawi yomweyo polandira kuti ndalamayo ndi ya chiyani, ndi kulemba yankholo m'kope.

Deti la 31 Januwale silichokera m'lamulo. Mayiyu walisankha yekha chifukwa ndi nthawi imene sitolo imalipira antchito. Kalata yopanda deti lotere imatha kugona m'kabati miyezi. Ayembekezerenso kuti ndalamayo ikamaperekedwa ikhoza kuchotsedwa msonkho monga malipiro ena onse, chifukwa zimene zili m'tebulo ndi zosachotsera kanthu.

Tebuloli likuululanso chinthu china chimene kalatayo sinatchule. Kuyambira pa 15 mpaka pa 24 Disembala, mayiyu anagwira masiku 10 otsatizana osapuma, pomwe lamulo limalola 6 okha. Kulipira Lamulungu pa mtengo wa maola awiri ndi nkhani ina, kupuma ndi nkhani inanso. Wasiya dala kuti kalata ikhale pa ndalama, koma nkhani ikapita patsogolo, umboni wake uli kale papepala.

Kupereka kalata ndi mayankho ake

Kalatayo ikhoza kulembedwa pamanja, bola zilembo zikhale zowerengeka, kapena kutaipidwa. Chingerezi kapena Chichewa, zonse n'zotheka. Chofunika n'chakuti amene akulandirayo amve. Pakhale makope awiri. Limodzi liperekedwe kwa amene ali ndi mphamvu yolipira, kaya mwini sitolo kaya manijala, osati kwa kapitawo amene angangoliika m'thumba. Pa kope lachiwiri, wolandirayo asaine ndi kulemba deti, ndipo wantchito alisunge kunyumba. Bwana akakana kusaina, wantchito apereke kalatayo mnzake wa pa ntchito akuona, alembe m'kope tsiku ndi nthawi, kenaka ajambule kalatayo n'kuitumizanso pafoni ya abwanawo. Nthawi yabwino ndi m'mawa makasitomala asanachuluke, pambali, osati pamaso pa anthu ogula.

Mayankho amene amabwera nthawi zambiri ndi atatu. Loyamba ndi lakuti, "Ndani anakuuza kuti utsalire?" Apa ndi pamene chifukwa cholembedwa m'kope ndi mauthenga a pafoni zimagwira ntchito: wogulitsa sakanatha kuchoka sitolo ili yotsegula, makiyi ali ndi abwana. Lachiwiri ndi lakuti, "Malipiro ako a pamwezi akuphatikiza zonse." Wantchito apemphe kuona pamene zinalembedwa, ndiponso kuti ndalama zingati mwa malipirowo ndi za maola angati. Lachitatu limakhudza holide: bwana akhoza kunena kuti tsiku la 26 linalipidwa kale m'malipiro a mwezi, choncho iye angowonjezera K750 pa ola. Kalatayo yafunsa zimene Gawo 39 likutchula, mtengo wa maola awiri pa ola lililonse la holide. Akalephera kumvana pa mzere umenewo, ausiye padera kuti akawaunikire a ku ofesi ya zantchito, koma mizere inayo ilipidwe.

Nthawi zina bwana amavomera ngongole koma n'kupempha kuti alipire pang'onopang'ono, mwachitsanzo K23,000 mu Januwale ndi K23,000 mu Febuluwale. Palibe cholakwika, malinga alembe madeti ndi ndalamazo n'kusaina. Chimene wantchito ayenera kusamala nacho ndi pepala lonena kuti walandira zake zonse ndipo sadzafunsanso kanthu. Asasaine pepala lotere ndalama yonse isanalowe m'manja, ndipo asasaine chimene sanawerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu amene amamukhulupirira.

Pali zinthu ziwiri zimene zimawononga mlandu wabwino. China ndi kudzilipira wekha potenga ndalama m'kabati ya pakauntala kapena katundu wa m'sitolo, n'kumati ndikubweza zanga. Kumeneko ndi kuba, ndipo munthu akhoza kuchotsedwa ntchito nthawi yomweyo, ngakhale kumangidwa. China ndi kungosiya kubwera ku ntchito pofuna kuonetsa mkwiyo, zimene zimapatsa bwana chifukwa chomveka chomuchotsera. Wolemba kalata apitirize kufika pa nthawi yake, kugwira ntchito bwino, ndi kulemba maola m'kope.

Deti likadutsa

Mantha aakulu a ogulitsa m'masitolo ndi kuchotsedwa ntchito, ndipo mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa ofuna ntchito ndi ambiri. Komabe Gawo 57 limanena momveka kuti kudandaula kapena kutengera bwana ku mlandu pa nkhani yophwanya malamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito kapena kumulanga. Limatinso munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Amene wachotsedwa mopanda chilungamo ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Pamenepo kope losainidwa lija limakhala umboni wamphamvu, chifukwa limasonyeza kuti kuchotsedwako kunabwera pambuyo pa kufunsa ndalama.

Tsiku la 31 Januwale likadutsa popanda ndalama kapena yankho, mayiyu akhoza kulemba kalata yachiwiri, ya mizere yochepa, yokumbutsa za yoyamba ndi kunena kuti akatula nkhaniyi ku ofesi ya zantchito. Maofesi amenewa, amene anthu amangoti ku leba, ali pansi pa Unduna wa Zantchito ndipo amapezeka m'maboma. Gawo 64 limalola aliyense amene ali ndi mkangano wokhudza lamuloli kapena kontirakiti yake kukaonana ndi mkulu wa zantchito, amene ntchito yake ndi kuyesa kuthetsa nkhaniyo. Sipafunika loya. Mkuluyo amaitana mbali zonse ziwiri, kumva aliyense, ndi kuona mapepala. Wantchito atenge kope la kalata, kope la maola, mapepala kapena mauthenga a malipiro, kontirakiti ngati ilipo, ndi chiphaso chake cha unzika.

Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku khoti loona milandu ya ntchito, limene ambiri amalidziwa ndi chidule cha IRC, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Milandu ya kukhoti imatenga nthawi, ndipo pa ngongole ya K46,000 mayendedwe okha akhoza kudya gawo lalikulu. N'chifukwa chake kalata yoyamba ija iyenera kulembedwa mosamala, kuti nkhani ithere m'sitolo momwemo kapena ku leba. Amene ali mamembala a bungwe la antchito, monga CIAWU imene imaimira ogwira ntchito m'masitolo ndi m'makampani ena ndipo ili pansi pa MCTU, akhoza kupempha woimira bungwe kuti awathandize kuona masamu ndi kuwaperekeza. Ngati ogulitsa angapo m'sitolo imodzi sanalipidwe, akhoza kupereka makalata awo tsiku limodzi, koma aliyense akhale ndi tebulo lake, chifukwa malipiro ndi maola awo amasiyana.

Eni masitolo nawo ali ndi phindu pa nkhaniyi. Buku losainira loyendetsedwa bwino ndi kapepala ka malipiro kosonyeza maola a ovataimu padera zimateteza bwana kwa wantchito amene angafune kuwonjezera maola, komanso zimamupulumutsa ku ngongole ya miyezi yambiri imene ingadzamugwere nthawi imodzi munthu akamasiya ntchito.

Inu amene mumagulitsa m'sitolo, musadikire Disembala. Gulani kope lero, lembani nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lililonse, werengani mtengo wa ola lanu pogawa malipiro ndi 26 kenaka ndi 8, ndipo mwezi ukatha ovataimu isanalipidwe, lembani kalata mwezi wotsatirawo, malisiti ndi mboni zisanasowe.